Ma X a pa mapu a Karnaugh: atengedwe ati, asiyidwe ati?

Funso: Ndili chaka choyamba pa maphunziro a zamagetsi. Pa mayeso anatipatsa F(A,B,C,D) = Σm(0,2,6,8) + d(10,11,12,13,14,15) kuti tifupikitse ndi mapu a Karnaugh. Ine ma donti keya onse, amene pa mapu timawalemba X, ndinawayesa 1 ndipo ndinapeza B'D' + CD' + AB + AC. Mnzanga anawayesa 0 n'kupeza A'CD' + B'C'D'. Tonse anatidula malikisi. Kodi ma X amenewa timawatani kwenikweni?

Yankho: Chimene aphunzitsi anu ankayembekeza ndi F = B'D' + CD'. Kuti mufike pamenepo mumatenga ma X awiri okha, wa m'bokosi 10 ndi wa m'bokosi 14, ndipo anayi enawo mumawasiya osawakhudza. X aliyense mumamuweruza payekha. Ngati akukulitsa gulu limene muli kale 1 weniweni, mutengeni. Ngati sakutero, musiyeni. Palibe lamulo lokukakamizani kumuzinga, komanso palibe lokuletsani.

Musadandaule kwambiri ndi zimene munapezazo, chifukwa mukalumikiza mageti motsatira yankho lanu kapena la mnzanuyo, seketi igwira ntchito bwinobwino pa manambala onse kuyambira 0 mpaka 9. Vuto ndi lakuti funso linkafuna yankho lalifupi kwambiri. Lanu lili ndi zilembo 8, la mnzanu 6, pamene loyenera lili ndi 4. Chilembo chilichonse chowonjezera ndi mwendo wina wa geti ndi waya wina woti mulumikize.

Ndi bwino kudziwa kumene funso lanulo linachokera, popeza ndi pomwe ma X amamveka. Pa wotchi ya manambala kapena pa sikelo ya magetsi, nambala iliyonse imalembedwa ndi tindodo 7 toyaka, ndipo timatchedwa ndi zilembo kuyambira a mpaka g. Kandodo ka e ndi kamene kali m'munsi chakumanzere. Lembani manambala mmene amaonekera pa wotchi yotere ndipo muona kuti kandodoka kamayaka pa 0, 2, 6 ndi 8 pokha. Amenewo ndiwo ma 1 anu anayi. Nambalayo imabwera mu BCD, kutanthauza mabiti anayi oimira nambala imodzi ya pakati pa 0 ndi 9. Mabiti anayi angathe kusanjika m'njira 16, koma ife tikugwiritsa ntchito 10 zokha. Kuyambira 1010 mpaka 1111, omwe ndi 10 mpaka 15, sadzafika pa seketi yathu ngati chowerengera chili bwino. Ndiye chimene kandodoka kangachite pa manambala amenewo zilibe kanthu, ndipo m'mabokosi awo timalembamo X.

Mapu ake ndi awa. Kumanzere ndaika manambala a mabokosi, kumanja zimene zili m'katimo. A ndiye biti yaikulu, yolemera 8, ndipo D ndiye yaing'ono, yolemera 1.

```
AB\CD 00 01 11 10      AB\CD 00 01 11 10
 00    0  1  3  2       00    1  0  0  1
 01    4  5  7  6       01    0  0  0  1
 11   12 13 15 14       11    X  X  X  X
 10    8  9 11 10       10    1  0  X  X
```

Taonani mmene mitu ya mizere yayendera: 00, 01, 11, 10, osati 00, 01, 10, 11. Kasanjidwe kameneka ndi khodi ya Gray, ndipo ndiko kamene Maurice Karnaugh wa ku Bell Labs anagwiritsa ntchito mu 1953 pokonza tchati chimene Edward Veitch anatulutsa mu 1952. Cholinga chake n'chakuti mukasuntha bokosi limodzi, kaya chopingasa kaya chotsika, biti imodzi yokha isinthe. Mapu onse aima pa lamulo limodzi la aljebra ya Boole, lakuti PQ + PQ' = P. Mabokosi awiri akasiyana pa chilembo chimodzi chokha ndipo onse ali ndi 1, chilembo chimenecho chilibe mphamvu pa zotuluka, ndiye chimachoka. Gulu la mabokosi 2 limachotsa chilembo chimodzi, la 4 limachotsa ziwiri, la 8 limachotsa zitatu. N'chifukwa chake kulibe gulu la 3 kapena la 6: mabokosi atatu sangakupatseni mbali zonse ziwiri za chilembo chimene mukufuna kuchotsa. N'chifukwa chakenso mabokosi okhudzana pa ngodya yokha, monga 0 ndi 5, sagwirizana, pakuti 0000 ndi 0101 asiyana pa mabiti awiri.

Chimene ambiri amachiphonya n'chakuti mapu alibe malire enieni. Mzere wa 10 ndi mzere wa 00 amasiyana pa biti imodzi, choncho ndi oyandikana ngakhale wina ali kumapeto kuno wina kumapeto uko. Zili ngati chitenje: chikayalidwa pansi mbali zake ziwiri zimatalikirana, koma chikavalidwa m'chiuno zimakumana. Pa mapu zimenezi zimachitika mbali zonse, kumanzere kukumana ndi kumanja, pamwamba kukumana ndi pansi. Motero bokosi lililonse lili ndi oyandikana nawo anayi, ngakhale la pa ngodya. Bokosi 0 limayandikana ndi 1, 2, 4 ndi 8. Mukakayika, lembani mabokosi awiriwo mu bayinale n'kuwerenga mabiti osiyana. Musadalire kuyandikana kwa manambala, chifukwa 7 ndi 8 amatsatana powerenga koma 0111 ndi 1000 asiyana pa mabiti onse anayi.

Tsopano tizinge magulu. Ine ndimayambira pa 1 amene ali ndi anzake ochepa, ndipo pano ndi wa m'bokosi 6. Pamwamba pake pali 2 amene ali ndi 1, pansi pake pali 14 amene ali ndi X, ndipo kumanzere kwake, pa 7, kuli 0. Mukadumphira ku mbali ina ya mapu mupeza 4, yemwenso ndi 0. Ndiye gulu la 6 lingakule motsika basi. Mukangotenga 2 ndi 6 mupeza A'CD', zimene mnzanu anapeza. Koma pansi pa 6 pali X wa 14, ndipo pansi pa 14 pali X wa 10. Mukawatenga onse awiri, mzere wonse wotsika wa kumanja ukhala gulu limodzi la mabokosi anayi: 2, 6, 14, 10.

Powerenga gulu mumafunsa funso limodzi pa chilembo chilichonse: kodi chakhala chimodzimodzi m'mabokosi onse a gululi? Mu 0010, 0110, 1110 ndi 1010, A wasintha, B wasintha, C ndi 1 monsemo, D ndi 0 monsemo. Zosinthazo zimachoka. Chokhala 1 chimalembedwa mmene chilili, chokhala 0 chimalembedwa ndi kachizindikiro ka NOT. Gululi ndi CD'.

Atsala ndi ma 1 a pa 0 ndi pa 8. Awiriwa amayandikana podutsa malire a pamwamba ndi pansi, ndipo paokha amapereka B'C'D'. Apa mnzanu anaona bwino, chifukwa si onse amene amazindikira kuti 0 ndi 8 ndi oyandikana. Koma yang'anani ngodya zonse zinayi za mapu: 0, 2, 8 ndi 10. Zitatu zili ndi 1, yachinayi ili ndi X. Mu 0000, 0010, 1000 ndi 1010, B ndi 0 monsemo, D ndi 0 monsemo, pamene A ndi C asintha. Gululi ndi B'D'. Musaope kuti bokosi 2 ndi bokosi 10 alowa kale m'gulu loyamba lija. Bokosi lingathe kulowa m'magulu angapo, popeza P + P = P, ndipo kulowetsanso bokosi lozingidwa kale ndiyo njira yokulitsira gulu.

Ma 1 onse anayi azingidwa, ndiye ntchito yathera pomwepo. F = B'D' + CD'. Ma X a pa 11, 12, 13 ndi 15 atsala panja, ndipo zimenezo zikutanthauza kuti seketi yeniyeni idzatulutsa 0 pa iwo ndi 1 pa 10 ndi 14. Zigawo zanu ziwiri zowonjezera, AB ndi AC, zinabwera chifukwa munapitiriza kuzinga ma 1 atatha kale. Yang'anani AB: ndi 12, 13, 15, 14, ma X okhaokha. AC ndi 15, 14, 11, 10, ma X okhaokhanso. Gulu lopanda 1 weniweni ngakhale mmodzi ndi geti la AND limene lidzangokhala osayatsa kandodoko pa nambala iliyonse yofika. Pomaliza ntchito, yang'anani gulu lililonse n'kudzifunsa ngati lili ndi 1 amene gulu lina silinamuzinge. Ngati lilibe, lifufuteni.

Yesani yankho musanapereke pepala, sizitenga mphindi ziwiri. Zigawo zonse ziwiri zili ndi D', ndiye nambala iliyonse yothera ndi biti ya 1, monga 1, 3, 5, 7 ndi 9, ipereka 0, monga momwe tikufunira. Pa 0, 2 ndi 8, B ndi D ali 0, choncho B'D' ipereka 1. Pa 6, C ali 1 ndipo D ali 0, choncho CD' ipereka 1. Pa 4, yemwe ndi 0100, B ali 1 ndipo C ali 0, zigawo zonse zipereka 0. Zagwirizana.

Pali njira ina imene ndimafuna ophunzira aziiyesa nthawi zonse, yozinga ma 0 m'malo mwa ma 1. Ma 0 athu ali pa 1, 3, 4, 5, 7 ndi 9. Mizere iwiri yotsika ya pakati ili ndi ma 0 asanu ndi ma X atatu, a pa 11, 13 ndi 15, ndiye yonse pamodzi ndi gulu la mabokosi 8 lopereka D yekha. Watsala 0 wa pa 4, amene pamodzi ndi 5, 12 ndi 13 apereka BC'. Motero F' = D + BC', ndipo mukatembenuza ndi lamulo la De Morgan mupeza F = D'(B' + C). Zilembo zatsika kufika pa 3, ndipo mageti ndi awiri, la OR ndi la AND, kuphatikiza a NOT, pamene poyamba paja anali a AND awiri ndi la OR limodzi. Pa funso lanuli njira ziwirizi zapereka fankishoni imodzimodzi, koma si nthawi zonse pamene zimatero. X amene munamuyesa 1 pozinga ma 1 mungathe kumuyesa 0 pozinga ma 0, ndiye mayankho awiriwo akhoza kusiyana pa mabokosi a X popanda lina kukhala lolakwika. Pa mayeso werengani bwino ngati afunsa SOP, monga B'D' + CD', kapena POS, monga D'(B' + C).

Ndanena kuti ndimayambira pa 1 wa anzake ochepa. Maso amakopeka ndi gulu lalikulu, ndipo pa funso lanu kuyambira kumeneko sikukanakupwetekani, koma taonani F = Σm(1,5,6,7,11,12,13,15), imene ilibe X.

```
AB\CD 00 01 11 10
 00    0  1  0  0
 01    0  1  1  1
 11    1  1  1  0
 10    0  0  1  0
```

Aliyense amaona msanga gulu la pakatipo, 5, 7, 13 ndi 15, lomwe ndi BD, n'kulizinga. Kenako amapeza kuti patsala ma 1 anayi m'mbali. Wa pa 1 alibe mnzake wina koma 5, ndiye apereka A'C'D. Wa pa 6 ali ndi 7 yekha, A'BC. Wa pa 11 ali ndi 15 yekha, ACD. Wa pa 12 ali ndi 13 yekha, ABC'. Magulu anayiwa simungawapewe, chifukwa lililonse lili ndi 1 amene palibe njira ina yomuzingira. Koma mukawazinga, mupeza kuti atenga kale 5, 7, 15 ndi 13, ndipo gulu lalikulu lija latsala lopanda ntchito. Yankho lalifupi ndi A'C'D + A'BC + ACD + ABC', popanda BD. Mukanayambira pa ma 1 a m'mbaliwo simukanalizinga n'komwe. Choncho dongosolo ndi ili: yambani ndi ma 1 amene ali ndi gulu limodzi lokha lalikulu lowakwanira, zingani magulu amenewo, kenako muone amene atsala ndi kuwazinga ndi magulu ochepa momwe mungathere. Nthawi zina pa gawo lomalizali pamakhala njira ziwiri zofanana kutalika, ndipo zonse ndi zolondola.

Komabe BD uja musamuiwale mukapita ku benchi. Tiyerekeze zolowa zikusintha kuchoka pa 7 kupita pa 5, kutanthauza kuti C akutsika kuchoka pa 1 kufika pa 0. Pa pepala F ndi 1 poyamba ndiponso pomaliza. Koma pa 7 amene akugwira 1 ndi A'BC, ndipo pa 5 ndi A'C'D. C akatsika, geti loyamba limazima msanga, pamene lachiwirilo liyenera kudikira kuti geti la NOT litulutse C'. Mageti a mtundu wa 74LS amachedwa mananosekondi pafupifupi 10 lililonse, ndipo mu kanthawi kameneko F angathe kugwera pa 0 n'kubwereranso. Pa kandodo koyaka palibe diso limene lingaone zimenezo. Koma ngati F akupita ku mwendo wa CLK wa chowerengera, kugwa kumeneko kungawerengedwe ngati kugunda kwenikweni, ndipo mudzaona nambala ikudumpha popanda chifukwa. Pa mapu chizindikiro chake ndi ma 1 awiri oyandikana amene sali m'gulu limodzi. Mankhwala ake ndi kuwonjezera gulu lowalumikiza, ndipo pa chitsanzo chathuchi BD yekha amalumikiza malo onse anayi otere. Pa mayeso ofuna yankho lalifupi musamulembe, koma pa seketi yotere ndi woyenera geti lake.

Pa benchi pomwepo pali msampha wina waung'ono. M'mabuku ambiri A ndiye biti yaikulu, koma pa chipu cha 7447 ndi cha 4511, zimene zimasandutsa BCD kukhala tindodo 7, mwendo wa A ndiye biti yaing'ono ndipo D ndiye yaikulu. Mukasokoneza zimenezi, 1 aoneka ngati 8 ndipo 2 aoneka ngati 4. Zipu ziwirizi zikusonyezanso kuti opanga amasankha mosiyana pa manambala a 10 mpaka 15. Cha 7447 chimaonetsa zizindikiro zachilendo pa 10 mpaka 14 ndipo chimazimitsa zonse pa 15, pamene cha 4511 chimazimitsa tindodo tonse pa manambala asanu ndi limodziwo.

Apa ndi pamene ndikufuna musamale kwambiri, chifukwa mayeso sadzakufunsani koma ntchito idzakufunsani. Pa mayeso ma X mumapatsidwa. Ku ntchito mumawalemba nokha, ndipo polemba X mukulonjeza kuti kasanjidwe kameneko sikadzafika, kapena kuti kakafika palibe chidzawonongeke. Seketi yomangidwa ilibe X, imatulutsa 0 kapena 1 basi, ndipo amene anasankha ndi inu pamene munkazinga magulu.

Tengani thanki ya madzi yokhala ndi masensa anayi, A pamwamba, kenako B, C, ndipo D pansi penipeni. Sensa imapereka 1 madzi akaifika. Popeza madzi amadzaza kuyambira pansi, zotheka ndi zisanu zokha: 0000, 0001, 0011, 0111 ndi 1111. Mabokosi 11 otsalawo akuoneka ngati ma X abwinobwino. Tinene kuti pali pampu yokoka madzi m'thankimo, imene tikufuna iziyenda pokhapokha madzi afika pa C. Ma 1 ali pa 3, 7 ndi 15, ma 0 ali pa 0 ndi 1. Mukatenga ma X momasuka, mizere iwiri yotsika ya kumanja ikhala gulu la 8 ndipo P = C. Palibe geti lililonse, waya mmodzi basi.

Tsiku lina choyandama cha sensa C chikakamira mmwamba chifukwa cha dzimbiri kapena ndere. Madzi atha, D wanena 0, koma C akunenabe 1. Zolowa ndi 0010, bokosi 2, limene tinalonjeza kuti silidzafika ndipo tinaliyesa 1. Pampu ipitiriza kuyenda popanda madzi mpaka itentha. Chonsecho seketi inali ndi uthenga wokwanira woti iime, chifukwa sensa yapamwamba singanyowe yapansi ili youma. Tikanalemba 0 m'mabokosi onse amene C ali 1 koma D ali 0, omwe ndi 2, 6, 14 ndi 10, gulu likanachepa kukhala mzere wa 3, 7, 15 ndi 11, ndipo yankho likanakhala P = CD. Mtengo wake ndi geti limodzi la AND. Zoterezi zimachitikanso pa zowerengera zimene mwapanga nokha ndi mafilipufulopu: magetsi akangoyaka, chowerengera chingayambire pa nambala ina iliyonse, ngakhale 12 kapena 15, ndipo ngati ma X anu anachititsa kuti manambala osagwiritsidwa ntchitowo azingotumizana okhaokha, sichidzalowa mu 0 mpaka 9 kufikira wina atachibwezeretsa pa ziro.

Ndiye mukamaliza kufupikitsa seketi yoti imangidwe, bwererani ku X aliyense, mulowetse mabiti ake mu yankho lanu, mulembe chimene chikutuluka. Pa kandodo ka e mupeza 1 pa 10 ndi 14, ndi 0 pa 11, 12, 13 ndi 15, ndipo choipa chimene chingachitike ndi nambala yooneka molakwika, choncho ma X onsewo asiyeni akhale X. Pamene chotulukacho chikuyendetsa mota, chotenthetsera kapena valavu, bokosi lililonse limene sensa yowonongeka ingakufikitseni lichotseni X, mulembemo 0 kapena 1 woteteza chipangizocho, kenako muzingenso magulu kuyambira pachiyambi.